Ntchito yoyamba ya oditi ya m'kati: zomwe digiri ya akaunti siikonzekeretsa

Pa intaviyu ya ntchito ya odita wa m'kati pali funso lomwe limabwera kawirikawiri, ngakhale mawu ake amasinthasintha. Amakuuzani kuti mwapatsidwa mafayilo a malipiro onse omwe kampani yapereka kwa ogulitsa katundu m'miyezi isanu ndi umodzi, ndiye muyambira pati? Achinyamata ambiri ochokera ku MUBAS, komwe enafe timakutchulabe kuti ku Pole, kapena ku koleji ya MCA pa Ginnery Corner, amayankha zomwe anaphunzira bwino. Amati aona ngati masamu a pa invoisi ali olondola, ngati msonkho wa VAT wawerengedwa bwino, ndiponso ngati debiti ikufanana ndi kirediti. Yankho limeneli si lolakwika, koma ndi la akauntanti. Mabuku atha kugwirizana mpaka pa tambala kampani italipira munthu mmodzi kawiri, chifukwa malipiro achiwiriwo nawonso amalowa mbali zonse ziwiri za buku mwaulemu wake.

Kusiyana kwa ntchito ziwirizi kwagona pamenepa. Akauntanti amalemba zomwe zachitika. Maodita akunja, aja amabwera chaka chikatha n'kutenga chipinda cha misonkhano kwa milungu ingapo, amafuna kutsimikiza ngati malipoti a zachuma akupereka chithunzi choona kwa eni masheya, mabanki ndi ena akunja. Odita wa m'kati ndi wantchito wa kampani yomweyo, ndipo funso lake ndi lina: pa ntchito iyi chingalakwike n'chiyani, kampani inaika chiyani choti chitchinge, ndipo chotchingacho chikugwiradi ntchito? Chotchingacho ndi chomwe m'maofesi timangoti kontirolo. Siginecha ya bwana pa vocha ndi kontirolo. Loko wa ku sitolo yosungira katundu ndi kontirolo. Lamulo loti wolemba oda asakhale yemwenso akulandira katundu ndi kontirolo. Pa nkhani za ntchito yake odita wa m'kati amayankha ku komiti ya oditi ya bodi, pomwe za tchuthi, galimoto ndi malipiro ake zimadutsa kwa mkulu wa kampani. Anakonza choncho dala, kuti amene mukumufufuza asakhale ndi mphamvu yofufuta zomwe mwapeza.

Njira yabwino yoonetsera maluso ofunika ndi kuyenda ndi ntchito imodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mwalembedwa pa kampani ina yogawa katundu ku Limbe, yokhala ndi nyumba yosungira katundu ndi malole angapo. Mwezi wachiwiri bwana wanu akupatsani ntchito yofufuza malipiro a ogulitsa kuyambira Januwale mpaka Juni. Buku la malamulo a kampani likuti palibe ndalama yotuluka pokhapokha mapepala atatu atagwirizana: oda yomwe kampani inatumiza, yotchedwa LPO, chikalata cha ku sitolo chotsimikiza kuti katundu walandiridwa, chotchedwa GRN, ndi invoisi ya wogulitsa. Dzina la katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo ziyenera kufanana pa mapepala onse atatu.

Wachinyamata wakhama amathamangira ku mafayilo tsiku lomwelo. Musatero. Yambani mwatenga malipiro amodzi okha, n'kuwalondola ndi miyendo yanu kuchokera pomwe anabadwira. Pitani kwa amene anapempha katunduyo, kenako kwa ogula, kenako ku sitolo, kenako ku akaunti, mpaka kwa amene amadina batani lotumiza ndalama ku banki. Aliyense mumufunse kuti akuonetseni momwe amachitira. Mukafunsa kuti "Mumatsatira malamulo?" aliyense avomera. Koma mukati "Achikulire, tandionetsani GRN yomwe mwalemba dzulo, ndione momwe imayendera," muona zenizeni. Mwina mupeza kuti buku la GRN limakhala ku akaunti osati ku sitolo, ndipo wa ku sitolo amapita kukasaina Lachisanu zonse za mlungu umenewo pakamodzi. Zikatero mwadziwa kale, musanatsegule fayilo ngakhale imodzi, kuti pepala lija silikuchitira umboni kuti munthu anawerenga katundu akutsika mu lole. Buku la malamulo limanena momwe zinthu ziyenera kuyendera, ndipo nthawi zambiri linalembedwa zaka zapitazo ndi munthu yemwe anachoka kale.

Chotsatira ndi mndandanda wa malipiro onse. Akauntanti akutumizirani fayilo ya Excel yochokera mu pulogalamu yawo, kaya ndi Sage kaya ina, ndipo tinene kuti ili ndi mizere 1,240. Apa ndi pomwe atsopano ambiri amagwera m'mbuna osadziwa. Amalandira mndandandawo, n'kuthokoza, n'kuyamba kusankhamo. Koma mndandanda mwaulandira kwa munthu yemwe ntchito yake ndi imene mukuifufuza. Ngati wachotsamo mizere khumi, mwadala kapena chifukwa anasefa molakwika, simudzaipeza ngakhale mutafufuza mizere yotsalayo usiku ndi usana. Choncho phatikizani ndalama zonse za pa mndandandawo, muziyerekeze ndi zomwe zili mu leja, kenako mutenge sitetimenti ya ku banki n'kuona ngati ndalama zotuluka kupita kwa ogulitsa zikupezeka pa mndandanda. Yambirani ku banki kubwerera ku mndandanda, chifukwa chomwe mukusaka ndi ndalama yomwe inatuluka koma sinalembedwe. Ngati n'kotheka, imani pambali pa akauntantiyo pamene akutulutsa lipotilo mu kompyuta. Amalawi sitifunika kuuzidwa zambiri pa mfundo imeneyi. Pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, ndalama za boma zinkalipiridwa kudzera mu IFMIS, pulogalamu ya kompyuta yoyendetsera ndalama za boma, kwa makampani omwe sanapereke katundu, kenako malipirowo ankafufutidwa mu kompyuta. Munthu wongodalira mndandanda wa mu kompyutamo sakanaona kanthu, pomwe ku banki ndalama zinali zitatuluka.

Mndandanda ukatsimikizika, mumasankha sampulo, mavocha ochepa oimira onse. Pa kontirolo yomwe imachitika kambirimbiri, maodita ambiri amayambira pa 25, ena amafika 40 kapena 60 malinga ndi kukula kwa chiopsezo ndi ndondomeko ya ofesi yawo. Chachikulu n'choti musankhe nokha, mwachisawawa, ndipo mulembe momwe mwasankhira. Mukauza kalaliki kuti "tandipatseniko mavocha 25," akupatsani omwe ali pamwamba ndi omwe ali osalala. Mumpatse manambala a mavocha omwe mukufuna, ndipo vocha ikasowa musavomere ina m'malo mwake. Kusowako n'chinthu choti chilembedwe.

Pa vocha iliyonse mukuona zinthu zochepa koma zomwezomwezo: mapepala atatu aja alipo, akugwirizana, wosaina ndi amene ali ndi mphamvu yosainira ndalama zochuluka chotero, ndipo madeti akutsatana bwino. Za madetizi ndi zomwe kalasi siiphunzitsa, koma ndi zomwe zimaulula zambiri. Oda iyenera kutsogola, katundu abwere, invoisi ifike, malipiro atsirize. Mukaona LPO ya pa 14 Malichi pomwe invoisi ndi ya pa 9 Malichi, ndiye kuti katundu anagulidwa kaye, oda inalembedwa pambuyo pongofuna kudzaza fayilo. Siginecha ilipo, pepala lilipo, koma kontirolo palibe, chifukwa bwana anasainira chinthu chomwe chinali chitachitika kale. Tinene kuti pa mavocha 25 anu mwapeza anayi omwe GRN yake inalembedwa ndalama zitatuluka kale. Amenewo ndi 16 pa 100 alionse, ndipo si zoti munganene kuti linali tsoka la tsiku limodzi.

Sampulo ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa musanalembe mawu akuluakulu mu lipoti. Ngati pa malipiro 100 alionse asanu ali olakwika, mwayi woti mutenge 25 osakumana ndi olakwika ngakhale amodzi ndi pafupifupi 28 pa 100. Ndiye sampulo yoyera siikupatsani ufulu wolemba kuti zonse zili bwino. Mulembe kuti pa 25 omwe mwaona simunapeze vuto. Ndipo pa zinthu zosowa, monga invoisi imodzi yolipiridwa kawiri pakati pa mizere 1,240, sampulo ili ngati kuwedza ndi mbedza imodzi m'nyanja. Pamenepo pamafunika kufufuza mndandanda wonse, ndipo chida chake ndi Excel.

Ndikanena Excel sindikunena kukongoletsa matebulo. Tinene kuti pa mndandanda wanu dzina la wogulitsa lili mu B, nambala ya invoisi mu C, ndalama mu D, ndipo deti la invoisi mu E. Aliyense amayamba ndi kufunsa ngati wogulitsa mmodzi ali ndi nambala ya invoisi yobwereza:

```
=COUNTIFS(B:B,B2,C:C,C2)
```

Mzere uliwonse womwe wapereka nambala yoposa 1 ndi wokayikitsa. Nthawi zambiri simupeza kanthu, ndipo mtima umakhala pansi. Koma mapulogalamu ambiri a akaunti amachenjeza okha munthu akalowetsa nambala yomweyo kawiri kwa wogulitsa yemweyo, choncho zobwereza zomwe zimapulumuka ndi zomwe zasintha maonekedwe. Kalaliki wina analemba `INV-0457`, mnzake analemba `457`. Kapena wogulitsayo analembetsedwa kawiri mu kompyuta, kamodzi ndi dzina lonse, kenanso ndi chidule. Ndiye siyani dzina ndi nambala, mufunse za ndalama ndi deti:

```
=COUNTIFS(D:D,D2,E:E,E2)
```

Tsopano tinene kuti mizere 38 yayaka. Musathamangire kwa bwana. Yambiri mwa iyo ili ndi chifukwa chomveka: malole atatu anathira mafuta a ndalama zofanana tsiku limodzi, kapena wogulitsa anabweretsa katundu wofanana maulendo awiri, uliwonse ndi GRN yake. Muyenera kutsegula fayilo ya uliwonse. Pomaliza mwatsala ndi mizere iwiri: K3,850,000 ya matayala a lole, invoisi ya pa 6 Epulo, yolipiridwa pa 11 Epulo kenanso pa 23 Meyi. GRN ndi imodzi yokha. Sitetimenti ya ku banki ikuonetsa kuti ndalama zinatulukadi kawiri, kupita ku akaunti imodzi.

Apa ndi pomwe magazi a wachinyamata amathamanga. Ine chaka changa choyamba ndinapeza zofanana ndi zimenezi pa kampani ina, ndipo mu lipoti langa loyamba ndinalemba kuti ndalama zabedwa. Bwana wanga, mayi wofatsa amene sankakweza mawu, anazunguliza liwu limenelo ndi cholembera chofiira n'kundifunsa kuti, "Mwaona ndani akuba? Pepala lake lili kuti?" Ndinalibe. Chomwe ndinali nacho ndi umboni woti ndalama zinatuluka kawiri, basi. Kuba ndi mlandu, ndipo kumafuna umboni wa cholinga cha munthu. Mukakayikira zachinyengo, mumauza mkulu wa oditi mwakachetechete, mumasunga makope a mapepala, ndipo iye ndi amene amaona njira yoyenera. Simuyamba kufunsa anthu ngati wapolisi, ndipo simuikamba nkhaniyo pa nkhomaliro, chifukwa mu Limbe nkhani siichedwa kufika kwa mwini wake.

Pa matayala aja, chofunika kwambiri ndi kupeza chomwe chinachititsa. Mumapita kwa akauntanti wamkulu, yemwe mwina anayamba ntchito inu muli ku pulayimale, mutanyamula mavocha awiriwo. Kalankhulidwe kake n'kofunika ngati umboni womwewo. "Bwana, pali mavocha awiri apa omwe andisokoneza, mwina pali chomwe sindikuchidziwa. Mungandithandize kumvetsa?" Si kunyengerera ayi. Nthawi zina pamakhaladi chomwe simukuchidziwa, monga kalata yoonetsa kuti wogulitsa anabweza kale ndalamazo kapena anazichotsera pa invoisi yotsatira. Kwathu kuno mwana safunsa wamkulu mafunso olimba, ndipo odita wachinyamata amavutika nazo zimenezi. Ena amachita manyazi n'kuvomera yankho lililonse, ena amadzilimbitsa mtima mopitirira mpaka kuoneka amwano. Njira yapakati ndi ulemu wonse pa mawu, koma osachoka popanda pepala. Akakuuzani kuti "zimenezo tinakonza kale," muyankhe kuti "Zikomo bwana, ndingapezeko kope yake kuti ndiike mu fayilo?"

Tinene kuti mwafufuza ndipo nkhani yake ndi iyi. Malole anaima chifukwa cha matayala, wogulitsa anatumiza chithunzi cha invoisi pa WhatsApp, ndipo bwana wa zamayendedwe anakakamiza kuti alipiridwe msanga. Analipira pa chithunzicho GRN isanalembedwe. Patapita milungu, invoisi yeniyeni inafika ndi dalaivala, inakumana ndi GRN ku sitolo, ndipo kalaliki wina anaona mapepala atatu okwanira bwino n'kuilowetsa pa dzina lachiwiri la wogulitsa yemweyo. Palibe amene anayerekeza sitetimenti ya wogulitsa ndi mabuku a kampani mwezi umenewo. Taonani kuti mavocha anayi a mu sampulo aja ndi K3,850,000 iyi ndi nkhani imodzi: chizolowezi cholipira katundu asanatsimikizidwe ndi chomwe chinatsegula khomo.

Tsopano kulemba. Mfundo iliyonse ya mu lipoti la oditi imayankha mafunso asanu: lamulo likuti chiyani, mwapeza chiyani, chachititsa n'chiyani, zotsatira zake n'zotani, ndipo pachitike chiyani. Yathuyi ingamveke motere. Malamulo a kampani amafuna LPO, GRN ndi invoisi yeniyeni malipiro asanachitike. Pa malipiro 25 omwe tinaona, anayi anachitika GRN isanalembedwe, ndipo pofufuza mizere yonse 1,240 tinapeza invoisi ya K3,850,000 yolipiridwa kawiri. Izi zachitika chifukwa malipiro achangu amaloledwa pa zithunzi za invoisi, wogulitsa mmodzi ali ndi maina awiri mu kompyuta, ndipo masitetimenti a ogulitsa sayerekezedwa mwezi ndi mwezi. Kampani yataya ndalamazo mpaka zitabwezedwa, ndipo ingathe kulipira katundu yemwe sanafike. Kenako pamabwera zoyenera kuchita, chilichonse ndi udindo wa amene achite komanso tsiku lomalizira.

Atsopano amafooka pa funso lachitatu. Amalemba kuti chachititsa ndi "kusatsatira malamulo," zomwe ndi kungobwereza vutolo m'mawu ena, ndipo malangizo ake amakhala akuti "ogwira ntchito azitsatira malamulo." Lipoti lotere limasainidwa, limaikidwa mu kabati, ndipo chaka chamawa mudzapeza zomwezo. Malole adzaimanso, ndipo wina adzakakamizanso malipiro achangu. Malangizo othandiza amavomereza kuti zachangu zimachitika, n'kuzipangira njira yake: malipiro otsogola alembedwe ngati adivansi pa akaunti ya wogulitsa kuti invoisi yeniyeni ikafika ichotsedwe, maina obwereza atsekedwe poyerekeza manambala a msonkho a TPIN, ndipo wolembetsa ogulitsa atsopano asakhale yemwe amalowetsa mainvoisi. Koma kukonzako si kwanu. Akakupemphani kuti mukonze nokha mndandanda wa ogulitsawo poti Excel mumaitha, mukane mwaulemu, chifukwa chaka chamawa mudzakhala mukufufuza ntchito ya manja anu. N'chifukwa chakenso munthu wochoka ku akaunti kupita ku oditi pa kampani yomweyo sayenera kufufuza ntchito yomwe ankaigwira mpaka patadutsa miyezi 12.

Zonse mwachitazi ziyenera kukhala mu fayilo ya ntchito: cholinga, komwe mndandanda unachokera, momwe munasankhira sampulo, zomwe munaona pa vocha iliyonse, ndi makope a umboni. Muyeso wake ndi woti odita wina yemwe sanalipo atenge fayiloyo, abwereze zomwe munachita, n'kufika pomwe munafika popanda kukuimbirani foni. Bwana wanu adzaibweza ndi mafunso ambiri ulendo woyamba. Zimawawa, koma umo ndi momwe ntchitoyi imaphunzitsidwira.

Nanga khomo lolowera? Malonda ambiri a ntchitoyi amafuna munthu wodziwa kale ntchito, zomwe zimakhumudwitsa amene wangovula gauni. Njira zodziwika ndi zitatu. Ena amayamba ku makampani a oditi yakunja, komwe m'zaka ziwiri kapena zitatu amaona mabuku a makampani ambiri n'kuzolowera mafayilo a ntchito. Ena amalowa ngati ophunzira ntchito m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi, a mafoni ndi a boma, omwe ambiri malikulu awo ali mu Blantyre muno ndipo ali ndi nthambi za oditi zokhazikika. Ena amayamba ngati kalaliki wa malipiro kapena wa sitoko. Njira yachitatuyi anthu amaipeputsa, koma munthu amene analowetsapo mainvoisi ndi manja ake amadziwa pomwe anthu amadumpha pakakhala changu, ndipo pa intaviyu amakhala ndi nkhani yeniyeni yokamba.

Pa mapepala, ICAM ndi ACCA zimakulimbitsani pa akaunti ndi misonkho, ndipo olemba ntchito kuno amazilemekeza. Satifiketi ya ntchito ya oditi ya m'kati yeniyeniyo ndi CIA, yoperekedwa ndi bungwe la maodita a m'kati la IIA, lomwe lili ndi nthambi yake kuno ku Malawi. Mayeso ake ali m'magawo atatu, ndipo wa digiri yoyamba amafunika zaka ziwiri za ntchito kuti apatsidwe satifiketiyo, ngakhale mayeso atha kuyamba kulemba zakazo zisanakwane. Malipiro ake ndi a ndalama zakunja, ndiye ndi mmene ndalama zakunja zimavutira kuno, ndi nzeru kufunsa pa intaviyu ngati kampani imathandiza ogwira ntchito ake pa maphunziro. Chomwe mungachite osalipira kanthu ndi kuwerenga miyezo yatsopano ya IIA, yomwe inatuluka mu Januwale 2024 n'kuyamba kugwira ntchito pa 9 Januwale 2025. Manotsi ambiri akale omwe amayendayenda m'mafoni a ophunzira akadali pa miyezo ya 2017.

Ngati simunapeze pogwira, mndandanda woyeserera mutha kuupanga nokha. Msungichuma wa ku mpingo kwanu, wa banki m'khonde kapena wachibale wa hadiweya ku Ndirande ali ndi malisiti a miyezi ingapo m'katoni. Mupempheni chilolezo, mulowetse malisitiwo mu Excel, muyerekeze ndi sitetimenti ya ku banki kapena ya pa foni, musake zobwereza ndi madeti osatsatana, kenako mulembe tsamba limodzi loyankha mafunso asanu aja. Maina a eni ake muwachotse musanalionetse kwa wina aliyense. Funso la mafayilo a miyezi isanu ndi umodzi lija likadzabwera, mudzayamba ndi kufunsa kuti mndandandawo watuluka kuti, ndipo wautulutsa ndani.